Mphete Yachitatu ya Amuna Anga

Amuna anga anavala mphete zitatu m'banja lathu, ndipo zonsezo ndinagula ndine. Ndanena poyambirira kuti wina asaganize kuti ankazikonda. Munthuyo anali makaniko. Ankatandala pansi pa mathiraki pagalaja ina ya malata kufupi ndi boda ya Mchinji, ndipo makaniko aliyense wa mutu wake amadziwa kuti mphete ndi sipanala sizimwerana madzi.

Ine ndinali mphunzitsi. Ananditumiza ku Mchinji kuchokera kwathu ku Mulanje matipate atangoyamba, sukulu itakhala yaulere, ana atadzaza m'kalasi mpaka ena kukhala pakhomo. Pofika masana mawu ankakhala atandithera. Ndinakwatiwa komweko ndi mwana wa ku Kapondo wosayankhulayankhula, amene ankanditchula kuti Aphunzitsi ngakhale tili awiri m'nyumba. Chimene ndinabwera nacho kuchokera kwathu, kupatula sutikesi ndi mbaula, chinali nsanje. Sindinaiphunzire ku Mchinji ayi, ndinabadwa nayo, koma pa boda inapeza manyowa.

Amene sanakhalepo pa boda sangamvetse. Madalaivala ankadikira mapepala masiku angapo, ndipo pamene pali mwamuna wodikira pamamera nyumba zogona alendo. Galaja ya amuna anga inayang'anizana ndi ziwiri. Kusukulu, nthawi ya buleki, aphunzitsi anzanga ankati mwamuna wopanda mphete pa boda ndi mbuzi yopanda chingwe. Ankanena moseka, akumwa tiyi. Ine ndinkaseka nawo, kenako n'kupita nawo mawuwo kunyumba.

Mphete yoyamba inali ya sitenilesi, chitsulo chonga cha masupuni, imene ndinagula pamsika ku Chipata tisanadalitse ukwati. Inali yabwino pa ntchito yawo, kunena zoona. Sopo, dizilo, thukuta, zonsezi sizinaichititse dzimbiri. Inkangokandika, kuwala kwake n'kuzilala, basi. Koma tsiku lina akumanga batire ya thiraki, sipanala inali pamutu wa batire, mphete inakhudza sipanala, mbali ina ya mpheteyo n'kukhudza chitsulo cha galimoto. Moto wonse unadutsa m'mphetemo. Pamene ankaviika dzanja m'diramu la madzi n'kuti itapsereza kale chala kuzungulira. Inavuka pamodzi ndi khungu.

Bala litapola linasiya chipsera chozungulira chala. Iwo anandionetsa, nati, “Aphunzitsi, mphete ndi iyi. Iyi ndiye siivuka, ndipo sitinagule.”

Ndinaseka tsiku limenelo. Koma chipsera sichiwala, ndipo mkazi wa kutsidya kwa msewu sangachione. Zaka zingapo zinapita chala chili chopanda kanthu, ine ndikununkhiza maovolosi ndisanawachape. Ankanunkha girizi nthawi zonse, ndipo zimenezi sizinanditonthoze, ndinkangoti girizi amabisa zambiri.

Mphete yachiwiri inabwera ndi mayi wina wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene ankakwera basi kupita ku Joni kukaoda mabulangete, mapoto ndi mafoni. Anati ndi ya titaniyamu, yotuwa, yolimba koma yopepuka ngati chitsekerero cha botolo. Amuna anga anavomera kuivala, koma anati pa ntchito azivula, aziika m'thumba la ovolosi, poweruka azivalanso. Ndinavomera pakamwa pokha. Mwamuna amene wazolowera kuvula mphete m'mawa ulionse, ndinkadzifunsa, chingamuletse n'chiyani kuivula nthawi ina? Masiku ena ankafika kunyumba ataiwala kuvala, ine maso pa chala ndisanawalonjere n'komwe.

Inatha miyezi isanu ndi umodzi, kenako inasowa. Iwo anati mwina inagwa pamene ankatulutsa sanza m'thumba ali pansi pa galimoto, ndipo poti inali yopepuka sanamve. Anafufuza m'dothi la pagalaja masiku awiri. Ine ndinati aifunefune kutsidya kwa msewu. Mpaka lero sindidziwa kumene mphete ija inapita, ndipo ndatopa nako kuganiza.

Nkhaniyo ndinaifikitsa kwa ankhoswe. Nkhoswe ya kuchimuna anali akulu awo, mlimi wa fodya ku Kapondo, munthu wofatsa amene anapalasa njinga ulendo wonsewo kudzamva mlandu wa kachitsulo. Anatimvetsera tonse, nati, “Mlamu, chitsulo sichimanga banja.” Ine ndinali nditapsa kale mtima, ndipo ndinayankhula mawu amene ndikanakonda ndikanawameza. Ndinati, “Alamu, mumve ndinu mboni. Ndigula ina. Tsiku limene adzabwere pakhomo pano chala chili chopanda mphete, adzandipeza nditamanga katundu, ndikupita kwathu ku Mulanje ndi ana.” Amuna anga anangoyang'ana pansi. Anthu osayankhula amasunga mawu, ndipo ine nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe zimenezi.

Mayi wa ku Joni uja atamva, anati ali ndi mankhwala ake. Anatulutsa mphete yachitsanzo, yakuda motuwira, yonyezimira, yolemera m'dzanja kuposa mmene imaonekera. Anaikanda ndi msomali pamaso panga, osaoneka ngakhale kamzere.

“Iyi ndi tangisiteni, asisi,” anatero. “Siikandika, siipindika, ngakhale sowo yodulira zitsulo imangoterera. Koma muyeze bwino chala. Iyi sakulitsa, sachepetsa. Mmene yabwerera ndi momwemo.”

Pa mawu onsewo ine ndinamvapo amodzi, akuti sowo imangoterera.

Ndinayeza chala Lamulungu lina masana, mwezi wa Juni, iwo atagona pampando titabwera kutchalitchi. Amene amaidziwa Mchinji amadziwa kuzizira kwa Juni, ndipo m'nyengo yozizira zala zimaphwa. Ndinatenga ulusi wosokera, n'kuzunguliza patsinde pa chala, pachipsera paja, osati pamfundo pamene mphete imadutsa movutikira. Zimenezo mwina ndi umbuli. Koma chotsatirachi sichinali umbuli: ndinakoka ulusiwo mpaka unalowa m'mnofu, ndipo podula ndinachotsakonso pang'ono. Ndinkafuna mphete yolowa koma yosatuluka.

Itafika, amuna anga anaiika pachikhatho, n'kuiponya m'mwamba pang'ono kuti amve kulemera kwake. Anati chitsulo chimenechi akuchidziwa, ndi chija chimakhala kunsonga kwa dirilo yobowolera konkire. “N'cholimba zedi, Aphunzitsi, koma sichidziwa kugonja. Zitsulo zina ukazipana zimapindika. Ichi chimasweka ngati kapu yadothi.” Ndinaganiza kuti akungoonetsa nzeru za kugalaja. Inalowa ndi thovu la sopo, iwo atakukuta mano podutsa pamfundo, ndipo Lamulungu lotsatira ansembe anaiwaza madzi odalitsa.

Ndisaname, ndinapuma. Chaka chathunthu ndi miyezi ingapo ndinasiya kununkhiza maovolosi. Mphete inkawala chimodzimodzi ngati tsiku loyamba, pa dzanja lodzaza ndi mabala ndi girizi wosachoka m'zikhadabo. Akamagwira za magetsi ankaikulunga ndi tepi yakuda, poti kuvula sikunkatheka popanda sopo ndi nkhondo. Madzulo ankamatula tepiyo asanalowe m'nyumba kuti ndione. Ine ndinkati banja lathu lakhazikika, ndipo ndinkalangiza ngakhale anzanga kusukulu.

Ngozi inachitika Lachinayi, mu Okutobala, dzuwa lija limawotcha ngakhale m'mthunzi. Ankamasula bawuti yadzimbiri pa sipuling'i ya thiraki, sipanala inapulumuka, dzanja lamanzere n'kukamenya chitsulo. Fupa silinathyoke, koma chala cha mphete chinayamba kutupa. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Tsikulo anabwera atakulunga dzanja ndi sanza, nati adzikanda pang'ono. Ine ndinali pakati pa mulu wa makope a ana, mutu ukuwawa, ndipo ndinangoti m'kabati muli mankhwala. Lachisanu anapita kuntchito, anabwerako, anadya ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse, lamanzere lili pansi pa tebulo. Munthu amene kwa zaka zambiri ndinkayamba kuona chala ndisanaone nkhope, masiku awiri amenewo sindinachiyang'ane, chifukwa ndinkadziwa kuti mphete ilipo.

Loweruka m'mawa ndinawapeza kuchipinda akulimbana ndi batani la malaya. Ndinamasula sanza ija ndekha. Chala chinali chitafufuma ngati biringanya, chakuda mofiirira, khungu likunyezimira, ndipo mphete inali itamira m'mnofu moti inkaoneka kamzere kokha. Chikhadabo chinali chotuwa. Nditachigwira kunsonga chinali chozizira, m'mawa wa Okutobala.

“Bambo, chimenechi n'chiyani? Chiyambire liti?”

“Dzana,” anatero. “Ndimati chiphwa.”

Tinakwera njinga zakabaza mpaka kuchipatala. Iwo ananyamula kachikwama kawo ka zida, ine n'kuwakalipira kuti kuchipatala sapita ndi masipanala. Tili panjira anaimbira foni munthu wina wa ku Kapondo kuti akauze akulu awo abwere msanga. Kumudziko foni inkagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo uthenga unkayenda ndi miyendo kuchokera pamenepo.

Namwino amene anatilandira anali mayi wamkulu wa ku Rumphi, wotopa ngati ine ndemwe, amene Chichewa chake chinkamveka kuti anachiphunzira pa ntchito. Anaimika dzanjalo m'mwamba, analiviika m'madzi ozizira, anapaka sopo. Kenako analowetsa ulusi pansi pa mphete movutikira, n'kukulunga chala chonse kuti aifinyire kunja, koma amuna anga anabuula mpaka namwino anasiya. Ndiye anatenga kachida kodulira mphete, kokhala ndi kagudumu ka mano kopukusa ndi zala. Anati kameneka kadula mphete zambiri zagolide ndi zasiliva, ndipo za sitenilesi kamalimbana nazo mpaka kuzitha, ngakhale mochedwa. Anapukusa, anapukusa, thukuta kamukamu. Atachotsa, mano a kagudumu anali atabuntha, pamphete popanda ngakhale kamzere.

“Mphete yanji iyi?” anafunsa, akuyang'ana ine.

Ndinatchula dzina lake motsitsa mawu. Kanali koyamba kulitchula popanda kunyada.

Namwino anakhala pansi, nati atiuze zoona. Magazi sakuyenda bwino m'chalamo, ndipo chakhala choncho nthawi yaitali. Mphete ikapanda kuchoka m'mawa womwewo, chimene adokotala adzadule si mphete ayi.

Apa m'pamene amuna anga anatsegula kachikwama kaja ndi dzanja limodzi. Anatulutsa pulayala ija imaluma n'kugwiriratu osasiya, imene amakaniko amati vayisigiripi, yokhala ndi sikuluwu kumchira yoonjezera kapena kuchepetsa kaulumidwe. Anaiika patebulo, nati, “Iyi ikhoza. Siidulika koma imasweka. Tingodikira akulu anga afike.”

“Afike kuchokera kuti?” anafunsa namwino.

“Ku Kapondo. Pa njinga.”

Namwino anawomba m'manja kamodzi. “Bambo inu, mutu wanu ukuyenda? Chida muli nacho, nzeru muli nazo, chala chikufa, inu mukudikira munthu wa pa njinga? Chidachi mwakhala nacho chiyambire liti?”

“Chimakhala m'chikwamamu masiku onse.”

Ndinawafunsa ndekha mokwiya, chifukwa mkwiyo ndi umene ndinkaudziwa bwino kuposa zina zonse. “Ndiye bwanji simunaswe Lachinayi pomwepo? Mumafuna mufe nacho?”

Anandiyang'ana, maso ali ofiira ndi kusagona. Sanakweze mawu. “Aphunzitsi, ndikanabwera Lachinayi chala chili chopanda kanthu, n'kunena kuti inasweka kuntchito, mukanafunsa za chala kapena za mphete? Munanena pamaso pa akulu anga. Ndimati abwere aone okha kuti sindinavule ndine.”

Namwino anayang'ana kukhoma, ngati kuti pali chinthu chofunika kuwerenga pamenepo. Amuna anga ankanena zoona. Ndikanatenga zidutswazo, n'kuzitembenuzatembenuza, n'kufunsa kuti anaswera ndani. Ndinachita manyazi aakulu, ndipo pansi pa manyaziwo panali kutopa kwa zaka zonse zimene ndinakhala mlonda wa chala cha munthu.

“Sitidikira munthu,” ndinatero. “Ndiswa ndine. Mundiuze mmene amachitira.”

Namwino anafuna kuti agwire yekha chidacho, koma amuna anga anapukusa mutu, ndipo namwinoyo, amene anali ataona mabanja ambiri m'chipinda chimenecho, anangogwira dzanja lawo n'kulitsamiritsa patebulo. Anaphimba pamwamba ndi kansalu kuti tizidutswa tisatithowole m'maso. Amuna anga ankandilangiza ngati akuphunzitsa munthu ntchito. Ndimasule sikuluwu mpaka mano a pulayala angogwira mphete mbali ziwiri, osatsina mnofu. Nditseke. Nditsegule, ndipotoze sikuluwu pang'ono chabe, nditsekenso. Ndisafulumire, ndisapanikize kwambiri kamodzi, kuopa kuti ikasweka pulayala ingaphwanye chala.

Kupeza pogwira kunali kovuta chifukwa mnofu unali utakwirira mphete, ndipo namwino ankaukankhira pambali ndi zala zake. Ndinatseka koyamba, palibe chinachitika. Kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Manja anga ankaterera ndi thukuta. Kachisanu ndinafunika kugwira ndi manja awiri, ndipo ndinamva amuna anga akukokera mpweya m'mano. Kachisanu ndi chimodzi panamveka kuti thwa, kaphokoso kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi mavuto amene kanatha. Mphete inali itang'aluka malo awiri. Anati ndisaikoke, m'mphepete mwake mwakuthwa, ndisunthe pulayala ndilumenso pena. Nditatero inagwa patebulo zidutswa zinayi.

Pansi pake panali ngalande yoyera yozungulira chala, pachipsera chakale chija, khungu litanyuka. Patapita kanthawi magazi anayamba kubwerera, ndipo ululu wake unaposa wa poyamba. Bambo wamkulu, wa ana atatu, analira misozi pamaso pa akazi awiri. Ine ndinangoima ndi pulayala m'manja, osadziwa poiika.

Alamu anafika dzuwa litapendeka, malaya atanyowa, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anatipeza takhala pabenchi panja, dzanja litamangidwa bandeji. Namwino anali ataika zidutswa zija m'kapepala ka mapiritsi, ndipo ndinawapatsa alamuwo ndisanawapatse ngakhale madzi. Ndinati, “Ndaswa ndine, alamu. Mawu aja ndabweza.” Anasuzumira m'kapepalamo, anayang'ana mng'ono wawo, nati, “Ndiye mwandiyendetsa ulendo wonsewu fodya ali pa nazale osathirira.” Anagona kwathu, m'mawa n'kubwerera.

Chala sanadule. Koma sichinabwererenso mwakale. Chinauma pamfundo, chosapindika bwino, ndipo kunsonga kwake kunachita dzanzi losatha. Kwa mphunzitsi chimenecho si kanthu, choko timagwira ndi zala zitatu. Kwa makaniko n'china. Pali manati amene amamangidwa kuseri kwa injini kumene diso silifika, munthu amangomva ndi zala. Amuna anga anayamba kugwetsa manati, kufunafuna m'dothi, ntchito ya ola limodzi kuwatengera awiri. Madalaivala a pa boda sadikira makaniko wochedwa pamene wina ali pafupi. Iwo sanadandaulepo, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akananditukwana tsiku limodzi kuti tithane nazo.

Nsanje sinathe, ndisadzikometsere. Inangofooka, ngati galu wokalamba amene amauwa ali chigonere. Ndikadutsa pagalaja n'kuona nyumba zija kutsidya kwa msewu mtima unkachitabe kuti phaa, koma ndinkangopitirira ndi makope anga. Mayi wa ku Joni uja anabweranso ndi mphete zina m'kabokosi, ndipo ndinamuuza kuti andionetse mabulangete.

Juni wotsatira, Lamulungu masana titabwera kutchalitchi, ndinkasoka batani la yunifolomu ya mwana, iwo ali pampando wawo uja. Ndinkaganiza kuti agona. Ndinangomva akuti, “Aphunzitsi, yachinayi mugula liti?”

Ndinakweza mutu kuti ndiseke, poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Sankaseka. Anali atatambasula dzanja lamanja, labwinolo, zala zili tambalale pa bondo langa.

“Chakumanzere sichingalolenso,” anatero. “Yezani ichi. Koma ulendo uno musakoke ulusi kwambiri ngati paja. Ndinali maso.”

Ndinayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, girizi m'zikhadabo, mabala akale ndi atsopano. Kenako ndinalinyamula n'kulibwezera pa bondo lawo. Ulusi umene unali m'manja mwanga ndinamalizira kusokera batani, koma ndinalisoka mokhota chifukwa sindinkaona bwino, ndipo m'mawa mwake ndinachita kulisokanso.